Mwaitanidwa kukhoti koma muli pa ntchito: mmene mungatengere tsiku osalembedwa falita

Kwa zaka zingapo ndinkasunga buku la ponto pa kampani ina ku Mowatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambiki, buku lija aliyense amasainamo polowa ndi poweruka. Kumapeto kwa mwezi ndine ndinkawerenga mafalita, masiku ojomba, ndi kuwatumiza kwa okonza malipiro. Zinkandiwawa kwambiri kulemba falita pa dzina la munthu amene ndikudziwa bwino kuti sanapite kokamwa mowa, anali kukhoti, boma ndilo linamuitana. Koma buku silimva nkhani zapakamwa. Likufuna pepala. Ambiri amaganiza kuti kalata ya khoti payokha ndi yokwanira, ndipo apa ndi pamene amagwera. Kalata ija imangosonyeza kuti mwaitanidwa. Sisonyeza kuti munawauza a kuntchito nthawi ilipo, komanso sisonyeza kuti munapitadi. Zinthu ziwirizi muyenera kuzipezera mapepala ake inu nomwe, limodzi musanapite, lina pobwerako.

Ndifotokoza potsata nkhani ya mlonda wina amene tinkagwira naye ntchito. Kwawo ndi ku Domwe, m'boma la Angoniya. Ali ku tchuthi kumudzi anaona anthu akumenyana chifukwa cha malire a munda, wina n'kuvulala kwambiri. Patapita miyezi anaitanidwa kukakhala mboni ku khoti la boma la Angoniya, ku Ulongwe, tsiku Lachinayi 9 koloko mmawa. Kalatayo inamupeza Lachisanu la sabata ya m'mbuyo mwake, itadzera kwa mchimwene wake kumudzi.

Choyamba, werengani kalatayo modekha

Kalata yoitanira munthu kukhoti kuno timaitcha notifikasau, ndipo imalembedwa m'Chipwitikizi. Ngati Chipwitikizi cha m'makhoti chimakuvutani, palibe cha manyazi, chimavuta ngakhale anthu amene anafika patali ndi sukulu. Pezani munthu wokhulupirika akuwerengereni, ndipo mutsimikize zinthu izi: dzina lolembedwalo ndi lanudi monga lilili pa bilyete yanu ya unzika, nambala ya mlandu, khoti liti, tsiku ndi ola, komanso mwaitanidwa ngati ndani. Kukhala mboni, kukhala wodandaula ndi kukhala woimbidwa mlandu ndi zinthu zosiyana, ndipo kalatayo imanena.

Khoti liti, musalitenge mopepuka. Mlandu wochitikira ku Angoniya ukhoza kukhala ku khoti la boma ku Ulongwe, koma ina imakazengedwa ku khoti la chigawo mumzinda wa Tete. Kwa munthu wogwira ntchito ku Mowatize kusiyana kwake ndi kwakukulu: ku Tete ndi pafupi, makilomita pafupifupi 20, mutha kupita mmawa n'kubwera tsiku lomwelo. Ku Ulongwe ndi makilomita opitirira 200, kudzera msewu wa ku Zobwe n'kukhotera pa Musakama. Onaninso ngati wakuitanani ndi khoti lenileni, ofesi ya oimira boma pa milandu, kapena apolisi ofufuza. Onsewa amaitana ndi pepala, koma kokapita n'kosiyana.

Mukawerenga, kajambulitseni fotokope ziwiri kapena zitatu, ndipo muijambulenso pa foni. Yeniyeniyo isachoke m'manja mwanu. Mudzaifuna pakhomo la khoti, ndipo ndaonapo kalata yeniyeni ikusowa pa tebulo la shefi mkati mwa milu ya mafakitura.

Kuwerenga masiku

Mlonda uja atabwera kwa ine anati, "Achimwene, ndikufuna Lachinayi lokha." Ndinamufunsa kuti adzanyamuka nthawi yanji kuti 9 koloko imupeze ku Ulongwe. Shapa sinyamuka isanadzaze, pamsewu pali zoimaima, ndipo nyengo ya mvula zimaposa apo. Kunyamuka Lachinayi mbandakucha kunali kuika moyo pachiswe, chifukwa mboni ikachedwa dzina lake litaitanidwa kale, amailemba kuti sinabwere. Tinaona kuti ayenera kunyamuka Lachitatu, akagone kwa abale. Nanga pobwera? Ola lolembedwa pa kalata si ola lomwe mudzalankhule. Milandu ingapo imaikidwa mmawa umodzi, ndipo mukhoza kukhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Akatuluka 2 koloko kapena 3 koloko, n'kutheka kupeza shapa yobwerera, koma akafika usiku atatopa, ndipo iye anali pa ndandanda ya kulondera usiku womwewo. Choncho masiku enieni anali Lachitatu, Lachinayi ndi usiku wa Lachinayi, n'kudzayamba ntchito Lachisanu madzulo.

Ndakhalitsa pa mfundoyi chifukwa ndi pamene mikangano yambiri imabadwira. Pepala la khoti lidzatchula tsiku limodzi lokha, tsiku limene munaonekera. Tsiku la ulendo silidzalembedwapo. Ngati simunalipemphe padera ndi kuvomerezedwa, wosunga buku adzaona Lachinayi lili ndi chifukwa, Lachitatu lilibe, ndipo adzalemba falita Lachitatu. Ndiye pemphani masiku onse kuyambira pachiyambi, ndipo munene poyera kuti ili ndi la ulendo, ili ndi la khoti. Musawonjezerepo Lachisanu loti mukaone munda wa mbatatesi. Ngati mukulifuna, lipempheni pa masiku anu a tchuthi, mwachilungamo.

Zimene lamulo limanena

Ogwira ntchito m'makampani ndi kwa anthu wamba amatsata Lamulo la Ntchito, nambala 13/2023, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024 kulowa m'malo mwa lija la 2007. Limagawa kujomba pawiri: falita yokhala ndi chifukwa chovomerezeka, ndi yopanda chifukwa. Mwa zifukwa zovomerezeka muli kulephera kugwira ntchito chifukwa cha chinthu chomwe sichinachokere kwa wantchitoyo, komanso kujomba kumene bwana waloleza. Kuitanidwa ndi khoti si kufuna kwanu, ndi lamulo, ndipo mboni yosapita popanda chifukwa ikhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukatengedwa ndi apolisi. Tsiku la ulendo ndilo limadalira kwambiri chilolezo cha bwana.

Lamulo lomwelo limati ngati mukudziwiratu kuti mudzajomba, muyenera kudziwitsa olemba ntchito kutatsala masiku osachepera awiri. Awiriwo ndi malire otsiriza, si nthawi yabwino youzira munthu. Nenani tsiku lomwe mwalandira kalata, kapena mawa lake. Falita yopanda chifukwa imadulitsa malipiro a tsikulo, ndipo zikafika masiku atatu otsatizana, kapena asanu ndi limodzi apatalipatali m'miyezi isanu ndi umodzi, bwana akhoza kukutsegulirani mlandu wa kuntchito. Taonani kuti ulendo wa ku Ulongwe wosakonzekera bwino, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, ndi masiku atatu otsatizana ndendende. Kunama chifukwa chojombera nakonso ndi mlandu pakokha. Ogwira ntchito m'boma, monga aphunzitsi ndi anamwino, ali ndi malamulo awo osiyana ndi awa, ndipo iwo amalemba pempho kwa mkulu wa pamalo awo, koma nzeru ya mapepala awiri ija ndi yomweyo.

Pakamwa poyamba, pepala pambuyo

Yambani ndi munthu amene amakuyang'anirani tsiku ndi tsiku, kapitawo kapena shefi wa gulu lanu. Kumudumpha n'kupita kwa a ofesi ya antchito kumamupweteka mtima, ndipo ndi iyeyo amene adzavutike kupeza wokhala pamalo panu. Musamuuze akuthamanga pa geti. Odirani ku ofesi kwake kapena mumutengere pambali nthawi yopuma. Mlonda uja ananena chonchi, ndipo sindikuona chowonjezerapo:

"Pepani a shefi, ndabwera ndi nkhani. Ndalandira notifikasau ya khoti la ku Ulongwe, akundifuna ngati mboni Lachinayi likubwerali 9 koloko. Kalata yake ndi iyi. Chifukwa cha kutalika ndiyenera kunyamuka Lachitatu, ndipo ndidzatha kulowa Lachisanu usiku. Ndalankhula kale ndi mnzanga wa gulu la masana, wavomera kundigwirira usiku wa Lachitatu ndi wa Lachinayi ngati inu mungalole, ine ndidzamubwezera sabata ya mawa."

Anabwera ndi vuto pamodzi ndi njira yake. Koma kusinthana kumeneku kuyenera kudzera kwa shefi. Mukangogwirizana awiriwiri mnzanuyo n'kudwala kapena kuiwala, falita imagwera inu.

Simukakamizidwa kufotokoza nkhani yonse ya mlanduwo. Wina akafunsa kuti, "Kodi mwapalamula chiyani?" yankhani mwaulemu kuti ndi nkhani ya kumudzi yomwe ili m'manja mwa khoti. Milandu ya banja, monga ya chithandizo cha ana kapena kutha kwa ukwati, ndi yanu, si ya anthu onse a pa kampani. Dziwani chabe kuti notifikasau imaonetsa udindo wanu pa mlanduwo, ndiye fotokope yake iperekeni m'manja mwa munthu mmodzi woyenera, osati kuisiya pa tebulo la alendo. Ngati ndinu woimbidwa mlandu, musanene kuti ndinu mboni. Pepala lidzakutsutsani, ndipo bwana amene akanamvetsa za mlanduwo sadzamvetsa za bodzalo.

Mukatha kulankhula, lembani kalata yaifupi. M'maofesi ambiri adzaifuna m'Chipwitikizi, ndipo makampani ena ali ndi fomu yawo yopemphera tsiku, choncho funsani kaye. Zolembamo, m'chinenero chathu, ndi izi:

"Kwa Mkulu wa Ofesi ya Antchito. Ine, wakutiwakuti, mlonda, nambala yanga ya ntchito yakuti, ndikudziwitsa kuti ndaitanidwa ndi khoti la boma la Angoniya ku Ulongwe pa tsiku lakuti, 9 koloko mmawa, pa mlandu nambala yakuti. Ndikupempha kuti kujomba kwanga pa tsikuli kutengedwe kuti kuli ndi chifukwa, komanso kuti mundilole tsiku lakuti la ulendo. Ndidzabwerera pa ntchito tsiku lakuti. Ndaphatikiza fotokope ya notifikasau, ndipo pobwera ndidzapereka umboni woti ndinaonekera."

Pansi pake malo, tsiku ndi siginecha yanu. Tsopano mvetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona mphamvu ya kalatayi. Pitani ndi makope awiri. Imodzi muwasiyire, inayo wolandirayo alembepo kuti walandira, aike tsiku, asaine, ndipo ngati pali karimbo adindepo. Imeneyo ndi yanu, kaisungeni kunyumba. Tsiku lina wina akadzati simunanene, simudzakangana naye, mudzangotulutsa pepala. Kumene kulibe ofesi, monga pa sitolo ya munthu mmodzi, pa chigayo kapena ntchito ya m'nyumba, mukatha kulankhula ndi patarau mutumizireni uthenga wa pa foni wobwereza zomwe mwagwirizana, ndi chithunzi cha kalata ya khoti. Akangoyankha kuti "chabwino", musaufufute uthengawo.

Funsaninso nkhani ya malipiro musananyamuke, osati pa tsiku lolandira. Kujomba kokhala ndi chifukwa chovomerezeka, mwa lamulo, sikuyenera kukudyerani malipiro kapena masiku a tchuthi. Pa tsiku la ulendo mabwana amasiyana: ena amangololeza, ena amafuna mulichotse pa tchuthi, ena amati mudzabweze maola. Chimene mwagwirizana chilembedwe pa kope yanu ija. Palinso ndalama zina zoonjezera zimene makampani ena amapereka kwa amene sanajombe mwezi wonse, zimenezo zimatsata malamulo a pakampanipo, ndiye funsani kuti zisadzakudzidzimutseni.

Kukhoti: musatuluke chimanjamanja

Tengani bilyete ndi notifikasau yeniyeni. Fikani msanga, mudzionetse kwa wa khoti amene amaitana mayina kuti adziwe kuti mulipo. Ngati simumasuka m'Chipwitikizi, nenani pomwepo kuti mukufuna womasulira.

Mukatha, pitani ku ofesi ya alembi a khotilo, imene amaitcha karitoriyo, mukapemphe deklarasau yosonyeza kuti munaonekera, yoti mukapereke kuntchito. Sadzakupatsani musanapemphe, ndipo anthu ambiri akangomva kuti "mutha kupita" amathamangira shapa ndi chimwemwe, n'kudzakumbukira ali pa Musakama. Maofesi a boma amatseka 15:30, ndiye musayambe mwapita kukadya nsima kumsika. Pepalalo likhale ndi dzina lanu lolondola, nambala ya mlandu, tsiku, siginecha ndi karimbo. Ngati n'kotheka alembe ola lofika ndi lotuluka, chifukwa ola lotulukalo ndilo limafotokozera bwana chifukwa chake simukanatha kulowa ntchito usiku womwewo. Liwerengeni mudakali pa kauntala. Chilembo chimodzi cholakwika pa dzina n'chosavuta kukonza muli pomwepo, koma n'chodula mukafika ku Mowatize.

Kwa mlonda wathu zinachitika zimene zimachitika kawirikawiri: anadikira mpaka masana, kenako anauzidwa kuti mlandu waimitsidwa chifukwa mmodzi wa ofunika sanabwere. Anandiimbira foni mawu ali ofooka. "Achimwene, mlandu sunachitike. Ndiye kuntchito ndikanena chiyani?" Ndinamuuza kuti abwerere mkati msangamsanga. Kuimitsidwa kwa mlandu sikufafaniza kubwera kwanu. Munaitanidwa, munafika, ndipo deklarasau ikuyenerani chimodzimodzi. Ndinamuuzanso kuti afunse tsiku latsopano ndipo apemphe kuti limulembedwere, chifukwa nthawi zina amangolilengeza pakamwa m'chipinda cha mlandu kwa onse amene alipo, osatumizanso kalata ina. Anabwera ndi pepala lonena zonse ziwiri.

Tsiku lomwe mwabwerera kuntchito, perekani deklarasau musanayambe china chilichonse. Sungani fotokope, ndipo wolandirayo asainenso. Ngati pali tsiku lachiwiri, lembani kalata yatsopano nthawi yomweyo, ngakhale tsikulo lili kutali mwezi wathunthu. Chilolezo choyamba chija sichifika pa ulendo wachiwiri. Pepala la malipiro likatuluka, onani ngati sanakuduleni. Nthawi zambiri kudula kotere si nkhanza, kumachitika chifukwa mapepala anafika buku litatsekedwa kale, ndipo mukaonetsa makope anu amakonza mwezi wotsatira.

Bilyete, pasipoti ndi zina za m'maofesi

Izi ndi zosiyana ndi khoti, ndipo polankhula ndi bwana musaziphatikize. Kukhoti mumadziwitsa, chifukwa tsiku simunasankhe ndinu. Kukakonzetsa bilyete, kukajambulitsa pasipoti ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka m'dziko, kukalembetsa mwana kapena kukatenga chiphaso choyendetsera galimoto, nthawi zambiri tsiku mumasankha nokha, ndiye mumapempha, ndipo bwana akhoza kunena kuti Lolemba ayi, pitani Lachitatu. Yambani mwamufunsa masiku amene ntchito imachepa musanasungitse tsiku. Wa pa sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe asapemphe tsiku pamene mvula yoyamba yagwa ndipo alimi adzaza pakhomo. Wogwira ntchito mosinthana akhoza kungopita mmawa umene ali pa mpumulo, osapempha kanthu.

Ngati ofesiyo ili pafupi, pemphani theka la tsiku, koma muwachenjeze kuti makina akaima kapena mzere ukatalika mudzaimba foni. Umboni wake ndi kapepala kamene amapereka mukalipira kapena mukajambulidwa, resibo kapena talau, kokhala ndi tsiku. Mukapeza makina sakugwira ntchito n'kubwezedwa, pemphani wa pa kauntala akulembereni kapena akudindireni kuti munafika. Koma ofesi ya boma ikakuitanani yokha ndi kalata, yotchula tsiku ndi ola, chitani monga mwa khoti.

Mabwalo a kumudzi nawo alipo. Makhoti a m'madera anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, ndipo ambiri amaitana ndi kapepala. Bwalo la mfumu kapena nyakwawa nthawi zambiri limaitana pakamwa. Pamenepo pemphani chilolezo ngati pa nkhani ya pabanja, yesani kupempha kuti bwalolo likhale tsiku lomwe simuli pa ntchito, ndipo ngati sizitheka pezani kalata yodindidwa kwa mfumuyo kapena kwa mlembi wa dera.

Bwana akakana

Ena amakana poyamba chifukwa chodzidzimuka, osati chifukwa choipa mtima. Musakweze mawu. Afotokozereni kuti mukapanda kupita chilango chigwera inu, ndipo perekani kalata yanu ija ngakhale akana pakamwa. Akakana kuilandira kapena kusaina, itumizeni pa foni kapena muipereke pali mnzanu woona, mulembe tsiku ndi ola. Pa tsiku la khoti pitani kukhoti. Kumene kuli komiti ya sindikato, bungwe loimira antchito, iuzeni musananyamuke. Akadzakudulani malipiro kapena kukuopsezani ndi kuchotsedwa ntchito, tengani makope anu onse kwa oyendera za ntchito a boma, kapena ku malo oyanjanitsa pa mikangano ya ntchito mumzinda wa Tete. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kupita ku Ipaji, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu.

Ngati ndi inuyo amene simungathedi kupita pa tsikulo, mwina mwagonekedwa m'chipatala, uzani khoti msanga mwa kalata yokhala ndi umboni wake, yopita ku karitoriyo ndi nambala ya mlandu. "Kuntchito anandikaniza" musayembekeze kuti woweruza adzakumvereni.

Mlonda uja pa ulendo wachiwiri sanabwerenso kudzandifunsa. Ndinangopeza kalata yake pa tebulo kutatsala milungu itatu, makope awiri, masiku a ulendo atalembedwa padera. Ndinadinda yakeyo, anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la malaya pamodzi ndi bilyete.